Ndalama za m'kabati si zanu zonse

Madzulo ogula akatha pa Khombedza, m'mbali mwa msewu wa Salima–Nkhotakota, mwini sitolo amakhuthula kabati n'kuwerenga ndalama. Ngati analembetsa VAT ku MRA, gawo lina la mulu umenewo ndi la boma, ndipo amayenera kulipereka pofika pa 25 mwezi wotsatira. Pomwe ambiri amapunthwa m'pozilekanitsa, ndipo ena amakazindikirira ku ofesi ya MRA atawononga kale ndalama ya thiransipoti.

Titenge sitolo yogulitsa simenti ndi malata yomwe pa mwezi yapeza K2,330,000, pa mlingo wa 16.5 peresenti umene unagwira ntchito zaka zambiri m'dziko muno. Mwini wake amatenga foni, n'kuwerengera 16.5 peresenti ya ndalama yonseyo, kumupatsa K384,450. Walakwitsa. Mtengo womwe kasitomala analipira unali ndi msonkho kale m'kati mwake, choncho iye wakhometsa msonkho pamwamba pa msonkho.

Njira yake n'kugawa ndalama yonse ndi 1.165. K2,330,000 ikagawidwa motero pamatsala K2,000,000, ndiwo malonda enieni a sitolo. K330,000 yotsalayo ndiye VAT. Kusiyana kwa mayankho awiriwa ndi K54,450, ndalama yoti munthu angoitaya pa mwezi umodzi chifukwa cha samu imodzi! Pofuna kutsimikiza, awerengere 16.5 peresenti ya K2,000,000 ija. Ikabwera K330,000 ndiye kuti walondola. Mlingo umasintha ndi bajeti ya boma, kotero pa 17.5 peresenti agawe ndi 1.175.

Chopweteka n'chakuti pophunzitsa amalonda, akuluakulu a msonkho amachulutsa za zilango ndi masiku omaliza, kugawa kumeneku n'kungokudumpha ngati aliyense anabadwa akukudziwa. Makina otulutsa malisiti, omwe anabwera mu 2014, amalekanitsa okha. Koma magetsi akazima malonda amalembedwa m'kope, ndipo kope silidziwa kugawa.

Pali msampha wina. Chimanga chosagaya sichilipira VAT, ndiye wogulitsanso matumba a chimanga achotse kaye ndalama zimenezo asanagawe.

Ndipo K330,000 ija sipita yonse ku MRA. Popikula katundu ku Salima kapena ku Lilongwe, mwini sitolo analipiranso VAT. Ngati malisiti ake akuonetsa K198,000, amaichotsera, n'kupereka K132,000 yokha. Apa mpomwe zinthu zimaima: kapepala kolemba pamanja kopanda TPIN ya wogulitsa a MRA sakalandira, ndipo malisiti a makina amafufutika akakhalitsa pa dzuwa lotentha la kunyanja kuno.

Inu a sitolo, musachoke kopikula katundu opanda lisiti la msonkho, ndipo mukafika kunyumba lijambuleni tsiku lomwelo lisanafufutike.