8 ikasanduka 3, mlandu wasintha

Zigamulo zina za makhothi a majisitireti m'boma la Karonga zimakaunikidwanso ku Khothi Lalikulu ku Mzuzu, ndipo zina mwa zigamulo za Khothi Lalikulu zimapezeka pa MalawiLII. Zakale zambiri mwa izi n'zithunzi chabe za mapepala osikanidwa. Loya, mtolankhani kapena wothandiza anthu pa zamalamulo akafuna chidule cha chigamulo, amayamba wadutsitsa chithunzicho mu pulogalamu ya OCR, imene imayang'ana maonekedwe a chilembo chilichonse n'kuchilemba pa kompyuta. Pulogalamuyi siimva zimene ikuwerenga, ndipo ikaphonya, chidule chimatengera cholakwacho osadziwa.

Tiyerekeze chigamulo cha mlandu wochokera ku Kaporo, cholembedwa pa taipi kenako n'kuchitidwa fotokope kangapo. Papepala palembedwa "section 138", gawo la malamulo a milandu lokhudza kugonana ndi mwana. Inki ya kumanzere kwa 8 yafufutika, ndiye pulogalamu yalemba "section 133", lomwe ndi gawo la mlandu wogwirira. Magawo onsewa alipodi m'malamulo a dziko lino, choncho palibe chooneka chachilendo pa sikirini. Cholakwa chotere n'choopsa kuposa mawu ophwanyikiratu ngati "c0nv1ct", amene aliyense amawaona msanga. Chimagwidwa poyerekeza nambalayo ndi dzina la mlandu limene lili pambali pake: mawu akati "defilement" nambala n'kukhala 133, bwererani ku chithunzi.

Kukonza kumayambira pa chithunzicho. Pepala lisikanidwe pa madontho 300 pa inchi, tsamba lopendekeka liwongoledwe, mizere yakuda ya m'mbali idulidwe. Kenako mawu oduka kumapeto kwa mzere alumikizidwe, ndipo manambala a masamba ndi mitu yobwerezabwereza ichotsedwe, koma mutatsimikiza kaye kuti masamba onse alipo. Fayilo yoyamba isakhudzidwe. Zosintha zichitike pa kope.

Tesseract, pulogalamu yaulere imene inayambira ku kampani ya HP n'kutsegulidwa kwa onse mu 2005, imatha kupatsa mawu aliwonse malikisi kuyambira 0 mpaka 100, osonyeza mmene ikudzikhulupirira:

```
tesseract tsamba.png zotsatira -l eng tsv
```

Mawu a malikisi otsika ayenera kuonedwa ndi maso. Komatu malikisi okwera si umboni: 133 wabodza uja angapate 90, chifukwa chilembo chofufutikacho chimaonekadi ngati 3. N'chifukwa chake pali malo ofunika kuwerengedwa ndi munthu kaya malikisi ndi otani: nambala ya mlandu, magawo a malamulo, masiku, ndalama, zaka za wodandaula ndi chilango.

Pa chilango m'pamene chidindo cha khothi ndi siginecha zimakonda kugwera, pamwamba pa mizere yomaliza. Chidindo chikaphimba "not", chiganizo chimatembenuka koma chimawerengeka bwinobwino. Chikaphimba pakati pa mawu n'kutsala "con...ly", simungadziwe ngati anali "concurrently" kapena "consecutively". Munthu wolamulidwa zaka 3 pa mlandu woyamba ndi zaka 2 pa wachiwiri adzakhala kundende zaka 3 ngati zilangozo zikuyendera limodzi, koma zaka 5 ngati zikutsatizana. Wokonza asasankhe mawu omwe akumukomera. Ayang'ane ngati woweruza wabwereza mfundoyi pena, ndipo ikapanda kupezeka, aike chizindikiro pomwepo chonena tsamba ndi mzere umene chidindo chaphimba. Chizindikirocho chilowenso m'chidule, mwachitsanzo: "Zaka 3 ndi zaka 2, ngati zikuyendera limodzi sizikuwerengeka, tsamba 6." Yankho lenileni lili m'fayilo ya kukhothi.

Ku Karonga kulinso vuto la mayina. Zigamulo zimalembedwa m'Chingelezi, ndipo pulogalamu imawerenga motsamira mawu a Chingelezi, pamene mayina ndi a Chinkhonde ndi Chitumbuka. Kachizindikiro ka mu Mwirang'ombe kangatayike kapena kudula dzinalo pawiri, "m" ya mu Wasambo ingatuluke ngati "rn", "l" ya mu Kilupula ngati 1. Kumasula pulogalamu yokonza masipelo pa mayina otere ndi kuthira mchere pachilonda, chifukwa imawakankhira ku mawu a Chingelezi oyandikana nawo. Chothandiza ndi mndandanda wa mafumu ndi midzi ya m'bomali, wolembedwa ndi munthu wakonko. Mayina a mboni okha alibe mndandanda. Dzina likatuluka mosiyana m'masamba awiri, lembani zonse ziwiri ndi masamba ake, poti mwina n'anthu awiri a banja limodzi.

Nanga zolembedwa pamanja, monga maumboni amene majisitireti amalemba mlandu uli mkati? Tesseract inapangidwira zilembo zosindikizidwa. Masamba amenewo ataipidwe ndi munthu, wina awerengenso akuyang'ana chithunzi.