Masekondi 20 Amene Amatha Kupsereza Mota

Shuga amene amachokera ku Nchalo m'boma la Chikwawa kapena ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota amadutsa m'makina otchedwa sentirifuji asanalowe m'thumba. Makinawa ali ndi dengu lalikulu lachitsulo lokhala ndi timabowo, ndipo m'dengumo amathiramo phala la shuga losakanikirana ndi molasi. Dengulo likazungulira mwaliwiro, maulendo pafupifupi 1,000 kapena kuposerapo pa mphindi, molasi amatulukira m'timabowo ndipo shuga amatsalira m'mbali. Kenako denguli limachepetsa liwiro, amakokolola shugayo, n'kuyambanso.

Chodabwitsa n'chakuti dengu likafika paliwiro lake, mota sivutika kwenikweni. Imangolimbana ndi mphepo komanso kukhuzana kwa m'maberingi. Ntchito yakalavulagaga ili pa kunyamula chinthu cholemera chonchi kuchoka poima mpaka kufika paliwirolo. N'chimodzimodzi ndi gudumu lolemera losunga liwiro, fulaiwilo, la pamakina odulira zitsulo, ngakhalenso chigayo chachikulu cha nyundo. Mota yokwanira kuyendetsa makina otere ikhoza kukhala yosakwanira kuwadzutsa, ndipo kusiyanako kumadziwika powerengetsera nthawi imene kudzutsako kungatenge.

Nthawiyi imadalira zinthu zitatu. Choyamba ndi inesha, kukana kwa chinthu kusintha liwiro la kuzungulira kwake. Amaiyeza mu kg·m² ndipo amailemba ndi chilembo J. Inesha sidalira kulemera kokha, imadaliranso kumene kulemerako kwakhala. Chitsulo chimene chili kutali ndi shafiti chimavuta kwambiri kuchizungulitsa kusiyana ndi chimene chili pafupi, ndipo mtundawo ukawirikiza kawiri inesha imawirikiza kanayi. Pa dengu limene kulemera kwake konse kuli m'mbali, masamu ake ndi J = m × r², pamene m ndi makilogalamu ndipo r ndi mamita ochokera pakati kufika m'mbali. Fulaiwilo yopanda bowo, yonenepa mofanana paliponse, imakhala ndi theka la zimenezo.

Chachiwiri ndi liwiro limene mota iyenera kufikapo. Chachitatu ndi toki, mphamvu yopotokola shafiti, imene amaiyeza mu Nm. Koma si toki yonse ya mota imene imathamangitsa dengu. Ina imathera pa kukhuzana ndi mphepo, ndipo yotsalayo ndi imene imawonjezera liwiro. Zitatuzi zimakumana m'kachiwerengero kamodzi:

```
t = (J × n) / (9.55 × Ta)
```

Apa t ndi masekondi, n ndi liwiro mu rpm, ndipo Ta ndi toki yotsala ija. Nambala ya 9.55 imangosintha maulendo pa mphindi kuti agwirizane ndi miyezo inayo.

Chitsanzo cha sentirifuji yapakatikati chingaonetse bwino mmene zimakhalira. Manambala ake ndi ongosankha, koma ndi a msinkhu umene amisiri amakumana nawo. Dengu pamodzi ndi katundu wake likulemera makilogalamu 400, ndipo kuchokera pakati kufika m'mbali ndi theka la mita. Inesha yake ndi 400 × 0.5 × 0.5, kutanthauza 100 kg·m². Dengulo liyenera kuzungulira pa 980 rpm. Mota yake ndi ya 30 kW, ya magetsi a mafezi atatu a 400 V, ndipo pachikwangwani chake palembedwa 1470 rpm. Ziwirizi zalumikizidwa ndi malamba.

Pamalamba pomwepa ndi pamene ambiri amapunthwa. Mota siona inesha yonse ya 100, chifukwa dengu likuzungulira pang'onopang'ono kusiyana ndi shafiti yake. Liwiro la dengu ndi magawo awiri mwa atatu a liwiro la mota, ndipo gawo limeneli amalichulukitsa ndi lokha, n'kupeza 0.444. Choncho ku shafiti ya mota inesha ya dengu imakhala 44.4. Kuphatikiza rota ya motayo ndi pule yake, zonse zimafika pafupifupi 45 kg·m². Makina akakhala othamanga kuposa mota, lamulo lomweli limatembenuka n'kuluma: dengu lozungulira kawiri liwiro la mota limaonekera ku shafiti ngati lolemera kanayi. Msampha wina uli m'mabuku akale a makina, amene amalemba GD² m'malo mwa J. Nambala imeneyo imaposa J kanayi, ndipo woiika m'kachiwerengero kaja osaigawa amapeza nthawi yolakwika kutalitali.

Toki ya nthawi zonse ya mota imapezeka ndi 9550 × kW / rpm, ndipo pa mota iyi ndi 195 Nm. Podzuka, mota yolumikizidwa mwachindunji ku magetsi imatulutsa toki yoposa pamenepo, ngakhale kuti imasinthasintha m'njira: imayamba yokwera, imatsikako, kenako imakweranso chakumapeto. Fakitale imene inapanga motayo imapereka chithunzi cha mzere wa kusinthaku. Tiyerekeze kuti pakatikati pake ndi kawiri toki ya nthawi zonse, 390 Nm, ndipo kukhuzana ndi mphepo kukudya 40. Yotsala ndi 350 Nm.

```
t = (45 × 1470) / (9.55 × 350) = 19.8 s
```

Masekondi 20 amamveka ochepa kwa munthu amene waima pafupi ndi makina. Kwa mota ndi nthawi yaitali zedi. Pampu kapena fani yaing'ono imafika paliwiro m'sekondi imodzi kapena ziwiri. Pafupifupi nthawi yonse imene mota ikudzuka imakoka moto wochuluka kasanu n'kamodzi kapena kasanu n'kawiri kuposa wa nthawi zonse. Mota iyi, imene imakoka maampu pafupifupi 55 ikamayenda bwinobwino, imakoka oposa 350, ndipo motowo sutsika kwenikweni mpaka liwiro litayandikira kumapeto.

Kutentha kumene kumabwera kungathe kuwerengedwanso, ndipo apa pali lamulo limene mmisiri aliyense woika makina olemera ayenera kulidziwa. Mota yamtunduwu ikadzutsa chinthu kuchokera poima pa magetsi a 50 Hz osasinthidwa, kutentha kotsalira mu rota kumafanana ndi mphamvu yonse imene yasungidwa m'kuzungulira kwa chinthucho. Pachitsanzo chathu mphamvuyo ndi pafupifupi 530 kJ, ndipo kukhuzana kuja kukawerengedwa, kutentha kumayandikira 600 kJ. Kumeneko n'kokwanira kufikitsa powira madzi ozizira oposa lita imodzi ndi theka, koma kukuthera m'timizere ta aluminiyamu ta mkati mwa rota, m'masekondi 20, fani ya mota isanayambe n'komwe kupemerera mokwanira. Mawaya a mbali yoima ya mota nawonso amatentha paokha.

N'chifukwa chake yankho la 19.8 silikhala ndi tanthauzo mpaka litayerekezedwa ndi nambala ina ya papepala la mota: masekondi amene motayo ingapirire moto wodzukira rota itamangika. Nambalayi amaipereka pawiri, ya mota yozizira ndi ya mota yotentha kale, ndipo yachiwiriyi imakhala yaifupi. Ngati pepala likunena masekondi 12 pa mota yotentha, ndiye kuti makina athu ali pangozi akamadzutsidwa mobwerezabwereza, ngakhale kuti 30 kW ikuoneka yokwanira. Zikafika pamenepa ndi bwino kutumiza inesha ndi toki ya makinawo kwa opanga mota kuti anene okha ngati ingapirire, komanso kuti ingadzutsidwe kangati pa ola.

Magetsi akafooka zinthu zimaipiraipira. Toki imatsika mwachangu kuposa mavoti: mavoti akatsika ndi 10 peresenti, toki imatsika ndi 19 peresenti. Pamenepo 390 imakhala 316, yotsala 276, ndipo nthawi imafika masekondi 25. Kufookaku kumachitika kawirikawiri kumapeto kwa nthambo yaitali, pa thiransifoma yaing'ono kapena pa jenereta, chifukwa moto wodzukira womwewo ndi umene umagwetsa mavoti. Nzeru ndi kuyeza mavoti pa mota pomwepo panthawi imene ikudzuka, osati ili chiimire.

Amisiri ambiri akaona moto wodzukira wakwera amathamangira sitata ya sitaa-delita. Ndi yotsika mtengo ndipo imachepetsadi moto kufika gawo limodzi mwa atatu. Vuto n'lakuti imachepetsanso toki mofanana. Pa makina athu 390 imagwa kufika 130, kukhuzana kukudyabe 40 yake, ndipo yotsala ndi 90 yokha. Nthawi imakwera kufika masekondi 77. Kutentha kwa mu rota sikuchepa ayi, kumawonjezeka mpaka pafupifupi 770 kJ, popeza mota yakhala nthawi yaitali ikulimbana ndi kukhuzana. Ndipo taimala ikasinthira ku delita dengu lisanayandikire liwiro lake, moto umalumphanso ngati kuti sitatayo panalibe. Pa katundu wa inesha yaikulu, sitaa-delita imapulumutsa nthambo ndi thiransifoma, koma sichotsa kutentha mu rota.

Chimene chimasinthadi masamu ndi dilaivi yosintha liwiro, imene m'makatalogi imalembedwa VFD. Iyo imayambitsa mota pa mahezi ochepa n'kumakweza pang'onopang'ono, moti rota imatsatira pafupi ndipo kutentha kwakukulu kuja sikuchitika. Apa kachiwerengero kaja amakatembenuza: mmisiri amasankha nthawi, n'kupeza toki yofunika. Dengu lathu likapatsidwa masekondi 60, kuthamangitsa kumafuna 115 Nm, kuphatikiza 40 ya kukhuzana kukhala 155, pansi pa 195 ya mota. Kudzuka kumatenga nthawi yaitali katatu, koma mota sipyola moto wake wa nthawi zonse. Poimitsa dengu, mphamvu ya 530 kJ ija imabwerera ku dilaivi, ndipo pamafunika rezisita yoiwotchera kapena dilaivi yotha kuibwezera ku nthambo. Masentirifuji amakono a m'mafakitale a shuga, amene amathamanga ndi kuchepetsa liwiro kambirimbiri pa ola, amagwiritsa ntchito njira yachiwiriyi.

Masamu a toki yapakatikati ali ndi malire ake. Amabisa malo amene toki ya mota imatsika kwambiri m'njira, ndipo ngati kukhuzana kwafika pofanana nayo pamalo amenewo, mota imakakamira paliwiro lapakati, ikulira, osapitirira. Yankho likakhala pafupi ndi malire, amagawa ulendowo m'zigawo, mwina khumi, n'kuwerengera nthawi ya chigawo chilichonse ndi toki yotsala ya pamenepo, kenako n'kuphatikiza.

Ku fakitale, chizindikiro choyamba chakuti masamuwa sanachitike chimakhala rileyi yoteteza mota imene imazimitsa makina pakati pa kudzuka, pafupifupi pa sekondi yomweyomweyo nthawi iliyonse, ndipo imafulumira mota ikakhala yotentha. Rileyi wamba ya kalasi 10 inapangidwa kuti idule magetsi pasanathe masekondi 10 moto ukachuluka maulendo 7.2 kuposa pamene yatcheredwa, choncho singalole kudzuka kwa masekondi 20. Ena amangopotokola kachitsulo kake kuti isiye kuvutitsa. Akatero, chotsatira ndi fungo la vanishi wopsa ndi ulendo wopita kwa okulunga mota. Pali marileyi a kalasi 20 ndi 30 opangidwira kudzuka kolemera, koma oyenera kuikidwa pokhapokha pepala la mota litatsimikiza kuti motayo ingapirire masekondi amenewo.