Kusankha khumi apamwamba pakati pa miliyoni

Bungwe la alimi lili ndi kaundula wa mamembala miliyoni imodzi, ndipo pa dzina lililonse palembedwa matumba a chimanga amene mlimiyo anakolola. Akuluakulu a bungwelo akufuna kupereka mphoto kwa alimi khumi amene anakolola kwambiri. Ambiri a ife tikapatsidwa ntchitoyi tingauze kompyuta kuti indandalike mayina onse kuyambira wokolola zambiri mpaka wokolola zochepa, kenako tidule khumi oyambirira. Yankho lituluka lolondola ndithu. Koma kompyutayo ikhala itatopa ndi kufufuza ngati mlimi wa nambala 600,000 anaposa mnzake wa nambala 600,001, funso limene palibe amene anafunsa.

Ntchito ya kompyuta pa nkhani ngati iyi timaiyeza powerenga kuti yayerekeza nambala ziwiri kangati. Kundandalika nambala miliyoni imodzi ndi njira zabwino zimene zilipo kumafuna kuyerekeza pafupifupi ka 20 miliyoni. Kusankha khumi apamwamba kungatheke ndi kuyerekeza kongopitirira pang'ono miliyoni imodzi, ndipo kompyuta sifunika kugwira mayina oposa khumi pa nthawi imodzi. Chida chake ndi kasanjidwe ka nambala kotchedwa mulu, kamene akatswiri a makompyuta amakatchula kuti hipu.

Mulu uli ndi lamulo limodzi lokha. Nambala zimakhala m'malo owerengedwa 1, 2, 3 mpaka kumapeto, ndipo malo aliwonse ali ndi "ana" awiri: ana a malo 1 ndi malo 2 ndi 3, ana a malo 2 ndi malo 4 ndi 5, ana a malo 3 ndi malo 6 ndi 7. Mukafuna mwana woyamba mumangochulukitsa nambala ya malowo kawiri, wachiwiri n'kukhala woyandikana naye. Lamulolo likuti kholo lisapose mwana wake aliyense. Za ana awiriwo pawokha lamulo silinena kanthu. Wamkulu akhoza kukhala kumanzere kapena kumanja. Chifukwa cha lamuloli, nambala yochepetsetsa ya mulu wonse nthawi zonse imakhala pa malo 1, ngakhale zina zonse zikuoneka zobalalika.

Apa mpamene ambiri amadodoma. Tikufuna zazikulu, nanga bwanji tikuika chochepetsetsa pamwamba? Chifukwa chake n'chakuti mlimi watsopano akafika, funso lofunika ndi limodzi: kodi akuposa wofooketsetsa mwa amene tawasunga? Ngati sakumuposa, sangapose enawo, ndiye palibe chifukwa chowayang'anira. Ngati akumuposa, wofookayo ndi amene ayenera kutuluka. Mbali zonse ziwiri, munthu amene tikumufuna pafupi ndi wotsiriza wa gulu la opambana, osati woyamba.

Tiyeni tiyese ndi kaundula wamfupi. Alimi ndi khumi, mphoto ndi zisanu, ndipo matumba awo akubwera motere: 34, 12, 58, 27, 45, 19, 63, 8, 50, 41.

Titenge asanu oyamba, 34, 12, 58, 27, 45, tiwakonze akhale mulu. Pa malo 2 pali 12, ana ake ndi 27 ndi 45. Apa palibe vuto. Pa malo 1 pali 34, amene akuposa mwana wake 12, choncho asinthana malo. Atatsikira pa malo 2, 34 akupeza kuti akuposanso 27, asinthananso. Mulu wathu tsopano ndi 12, 27, 58, 34, 45.

Wafika 19. Akuposa 12, ndiye 12 watuluka ndipo 19 wakhala pamwamba. Ana ake 27 ndi 58 onse ndi aakulu kwa iye, choncho akhazikika pomwepo. Wotsatira ndi 63, ndipo uyu ndiye woti timuonetsetse. Wachotsa 19 n'kukhala pamwamba, koma lamulo lasweka, popeza akuposa ana onse awiri. Ayenera kusinthana ndi wamng'ono mwa awiriwo, amene ndi 27. Akanasinthana ndi 58, ndiye kuti 58 akanakhala kholo la 27, vuto likanangosuntha osatha. Atatsika, 63 akupeza ana 34 ndi 45, asinthana ndi 34, ndipo wafika pansi. Mulu ndi 27, 34, 58, 63, 45.

Mlimi wa matumba 8 wayerekezedwa ndi 27 kamodzi kokha, nkhani yake yathera pomwepo. Wa 50 achotsa 27, atsika podutsa 34 kenako 45, mulu n'kukhala 34, 45, 58, 63, 50. Wotsiriza, 41, achotsa 34 ndipo sasuntha. Zatsala ndi 41, 45, 58, 63, 50, ndipo mukabwerera ku kaundula muona kuti awa ndi asanu apamwamba enieni.

Pa alimi khumi phindu silioneka kwenikweni. Limaoneka pa miliyoni, chifukwa pafupifupi aliyense amakhala ngati uja wa matumba 8. Ngati mayina abwera mosakanikirana, mwayi woti mlimi wa nambala 1,000 alowe mu khumi apamwamba a amene awerengedwa kale ndi 10 pa 1,000. Wa nambala 500,000 mwayi wake ndi 10 pa 500,000. Mukaphatikiza mwayi wonsewu kuyambira poyamba mpaka pamapeto, mupeza kuti mulu umasintha pafupifupi ka 115 basi pa ulendo wonse. Nthawi iliyonse yotere nambala imatsika masitepe osaposa atatu, chifukwa mulu wa khumi uli ndi mizere inayi yokha: umodzi, ziwiri, zinayi, zitatu. Ena onse otsala, pafupifupi miliyoni yathunthu, amayerekezedwa kamodzi n'kudutsa.

Pali phindu lina limene kwa ine ndi lalikulu kuposa liwiro. Kundandalika kumafuna kuti kaundula yense afike kaye. Mulu sudikira. Ukhoza kumalandira manambala pamene akubwera kuchokera m'maboma, ndipo nthawi ina iliyonse mukaufunsa ukuuzani khumi amene akutsogola pa amene afika.

Mulu sunapangidwire ntchito iyi yokha. Ndi njira yodziwika kwambiri yomangira mzere umene chotuluka poyamba ndi chofunika koposa, osati chimene chinafika poyamba, monga amachitira kuchipatala pamene wovulala pangozi amalowa kwa dokotala asanalowe wa chimfine amene anafika m'mamawa. Mzere wotere umafuna zinthu ziwiri: kulandira chatsopano ndi kutulutsa chapamwamba. Chatsopano chimaikidwa kumapeto kwa mulu n'kumakwera posinthana ndi kholo lake mpaka lamulo litakhutira. Chapamwamba chikatuluka, chakumapeto chimatengedwa kukatseka malowo n'kumatsika monga anachitira 63. Ngakhale mulu utakhala wa zinthu miliyoni imodzi, mizere yake ndi 20 yokha, choncho palibe chimene chimayenda masitepe oposa 19. Njira ya Edsger Dijkstra yopezera msewu wachidule, imene anaifalitsa mu 1959, masiku ano kawirikawiri imalembedwa ndi mzere wotere, kuti nthawi zonse itenge kaye malo apafupi koposa mwa amene sanayenderedwe.

Mukapitiriza kutulutsa chapamwamba mpaka mulu utatha, zinthu zimatuluka mwadongosolo, ndipo kumeneko ndiko kundandalika kotchedwa hipusoti. Pa mulu wathu uja, 41 akatuluka, 50 akwera pamwamba n'kusinthana ndi 45. 45 akatuluka, 63 akwera n'kusinthana ndi 50. Ndipo mapeto ake tipeza 41, 45, 50, 58, 63. Njirayi anaifalitsa J. W. J. Williams mu 1964 m'magazini ya Communications of the ACM. Chaka chomwecho Robert Floyd anasonyeza kuti mulu umamangika mwachangu mukayambira kwa makolo apansi kukwera m'mwamba, monga tinachitira ndi asanu oyamba aja. Kwa nambala miliyoni imodzi kumangako sikufika kuyerekeza ka 2 miliyoni. Hipusoti safuna malo owonjezera osungiramo manambala, ndipo palibe kaundula amene angamuchedwetse mopitirira muyezo. Komabe pa ntchito ya tsiku ndi tsiku nthawi zambiri amagonja kwa kwikisoti, chifukwa amadumphadumpha pakati pa malo otalikirana. N'chifukwa chake David Musser mu 1997 anaphatikiza ziwirizi: kwikisoti amayamba, ndipo akaoneka kuti wakodwa, hipusoti amamaliza.

Wolemba mapulogalamu safunika kumanga zonsezi yekha. M'chilankhulo cha Python zimatheka motere:

```python
import heapq
matumba = [34, 12, 58, 27, 45, 19, 63, 8, 50, 41]
print(heapq.nlargest(5, matumba))
# [63, 58, 50, 45, 41]
```

Nayonso PostgreSQL, pulogalamu yosungira makaundula aakulu, ikapatsidwa funso lokhala ndi `ORDER BY matumba DESC LIMIT 10` ikhoza kusankha njira yomweyi, ndipo mukaifunsa ndi `EXPLAIN ANALYZE` imalemba `Sort Method: top-N heapsort`.

Njirayi ili ndi malire ake. Chiwerengero cha 115 chija chimadalira kuti mayina abwere mosakanikirana. Kaundula akabwera atasanjidwa kale kuyambira wochepa kupita kwa wamkulu, mlimi aliyense watsopano amaposa wapamwamba pa mulu, ndipo onse miliyoni amalowa n'kutsika. Yankho limatulukabe lolondola, koma ntchito imakula kangapo. Mukhoza kuzindikira vutoli powerenga kuti mulu wasintha kangati: mukayembekezera mazana ochepa n'kupeza mazana a masauzande, yang'anani mmene kaundula anasanjidwira. Phindu limazilalanso ofunidwa akachuluka. Ngati mukufuna theka la mamembala onse, ingondandalikani. Ngati mukufuna mmodzi yekha, mulu ndi wosafunika, kungodutsa kamodzi mukukumbukira wamkulu n'kokwanira.

Cholakwa chimene ongoyamba kumene amagweramo kawirikawiri ndi kusindikiza mulu mmene ulili n'kumauyesa mndandanda wa opambana. Pa chitsanzo chathu, 63 akanalengezedwa wachinayi ndipo 50 akanaikidwa pambuyo pa 58 ndi 63 mwangozi chabe. Mulu umangolonjeza za malo 1. Otsalawo ayenera kundandalikidwa pamapeto, ntchito yaing'ono poti ndi ochepa.

Vuto lobisika kwambiri ndi la ofanana. Tiyerekeze kuti pambuyo pa onse pafika mlimi wina wa matumba 41. Sakuposa 41 amene ali pamwamba, choncho adutsa ngati uja wa matumba 8, popanda chizindikiro chilichonse. Mphoto yachisanu yapita kwa mnzake chifukwa chongoti dzina lake linalembedwa poyamba. Kompyuta singagamule mlandu umenewu. A bungwe ayenera kugwirizana pasadakhale chimene chidzalekanitse ofanana, mwina kukula kwa munda, ndipo muyezo wachiwiriwo ulowe m'kuyerekeza komweko. Ngati agwirizana kuti ofanana onse alandire, ndiye kuti mulu ungotipatsa malire, amene pano ndi 41, ndipo tidutsenso kaundula kachiwiri kutenga aliyense amene anafika pa malirewo kapena kupitirira.