Kalata Yochokera ku Dakar: Nkhani ya Wotsala ndi Wopita

Ramatoulaye ndi mphunzitsi wa mumzinda wa Dakar ku Senegal, mayi wa ana 12. Mwamuna wake, Modou Fall, wangomwalira kumene mwadzidzidzi ndi nthenda ya mtima ali ku ofesi. Mwa mwambo wa Chisilamu, mayiyu ayenera kubindikira m'nyumba kwa miyezi inayi ndi masiku khumi. Ali m'chibindikiromo, walandira kakalata kochokera kwa Aissatou, mnzake wa paubwana amene akugwira ntchito ku Amereka. Poyankha, akutenga kope nayamba kulemba, ndipo yankholo likutalika mpaka kusanduka buku lathunthu.

Umu ndi momwe Mariama Bâ anamangira buku lake lotchedwa Une si longue lettre, kutanthauza kalata yaitali zedi. Linatuluka m'Chifalansa mu 1979 ku Dakar, ndipo mu 1980 linakhala buku loyamba kupata mphoto ya Noma, yomwe inkaperekedwa kwa mabuku osindikizidwa mu Afirika. Mu 1981 Modupé Bodé-Thomas analimasulira m'Chingerezi ndi mutu wakuti So Long a Letter. Ndi kabuku kopyapyala, kosakwana masamba 100 m'Chingerezimo, koma amene akufuna kumvetsa momwe nkhani yolembedwa ngati kalata imagwirira ntchito sangapeze chitsanzo choposa ichi.

M'nkhani zambiri zopeka mumakhala wofotokoza amene amaona zonse, kulowa m'mutu mwa aliyense ndi kutiuza zoona zake. M'nkhani ya makalata wofotokoza wotere mulibe. Zonse timazimva kwa munthu mmodzi amene akulankhula ndi munthu wina wodziwika, ndipo ife owerenga tili ngati munthu amene watola kalata ya eni ake n'kuyamba kuiwerenga. Tsono funso loyamba limene wolemba amayenera kuyankha ndi ili: n'chifukwa chiyani awiriwa akulemberana m'malo mokhala pansi n'kukambirana? Yankho lake liyenera kukhala mbali ya nkhaniyo. Kwa Mariama Bâ, chimene chinachotsa Aissatou ku Dakar ndi chomwecho chimene chikupweteka Ramatoulaye, ndicho mitala.

Aissatou anali mwana wa mmisiri wosula golide, ndipo kwawoko anthu a ntchito imeneyi ankaonedwa ngati a mtundu wapansi. Anakwatiwa ndi Mawdo Bâ, dokotala wochokera ku banja lachifumu. Amayi ake a Mawdo sanakondwere nalo banjali. Anapita kwawo kukatenga mtsikana wamng'ono, mwana wa mlongo wawo, dzina lake Nabou, namulera okha kwa zaka zambiri ndi cholinga chimodzi. Atakula, anauza mwana wawo kuti akakana kumukwatira, iwo afa ndi manyazi. Mawdo anagonja. Aissatou anatenga ana ake aamuna anayi, nasiyira mwamunayo kalata yaifupi pakama, n'kutuluka. Anabwerera ku maphunziro, anakaphunzira ntchito yomasulira zilankhulo ku France, kenako analembedwa ntchito ku ofesi ya kazembe wa Senegal ku Amereka.

Patapita zaka zochepa, tsoka lomweli linagwera Ramatoulaye. Atakhala m'banja zaka 25, tsiku lina kunabwera alendo atatu: mtsogoleri wa mzikiti, Mawdo uja, ndi Tamsir, mkulu wake wa Modou. Anabwera kudzamuuza kuti mwamuna wake wakwatira tsiku lomwelo. Mkwatibwiyo anali Binetou, mnzake wa kusukulu wa Daba, mwana wawo woyamba, mtsikana amene ankabwera pakhomopo kudzawerenga. Ramatoulaye sanachoke. Anakonzeka kugawana mwamuna monga chipembedzo chake chimalolera, koma Modou sanabwerenso n'komwe, ndipo anatha zaka zisanu ali kwa mkazi wamng'onoyo mpaka imfa.

Choncho tili ndi akazi awiri amene anakulira limodzi, kuphunzira limodzi, kukwatiwa ndi amuna amene analinso mabwenzi, n'kupwetekedwa mofanana. Wina anapita, wina anatsala. Luso lalikulu la Mariama Bâ lili pa kusankha kuti wolemba kalatayo akhale wotsalayo. Akanakhala Aissatou, tikanamva za moyo wa ku Amereka, za kuzizira ndi kulakalaka kwawo. Koma popeza akulemba ndi Ramatoulaye, chilichonse cha ku Dakar chiyenera kufotokozedwa kwa munthu amene sanalipo. Aissatou sanakhale nawo pa maliro, tsono Ramatoulaye akumufotokozera zonse: khamu la anthu odzadya, ndalama zachipepeso zimene zikulengezedwa mokweza ndi kugawidwa kwa akuchimuna, alamu aakazi amene akuyamikira akazi awiriwo mofanana, ngati kuti zaka 30 za wina n'chimodzimodzi ndi zisanu za mnzake. Akufotokozanso za msonkhano wa banja woulula za womwalirayo, pomwe zinadziwika kuti Modou sanasiye ndalama, anasiya ngongole. Nyumba imene anamanga pamodzi ndi Ramatoulaye anaiika chikole kuti agulire Binetou nyumba yatsopano ndi kutumiza apongozi ake atsopanowo ku Mecca. Kutalikirana kwa awiriwa ndiko kukupatsa wowerenga mwayi womva zonsezi mwatsatanetsatane.

Pali vuto limodzi limene limagwetsa olemba ambiri a nkhani zotere. Mabwenzi akale amadziwana mbiri, ndiye n'chifukwa chiyani wina angauze mnzake zinthu zimene mnzakeyo akuzidziwa kale? Kalata ikayamba kufotokozera munthu dzina la mwamuna wake yemwe ndi chaka chimene anakwatiwa, wowerenga amazindikira msanga kuti mawuwo akupita kwa iye, osati kwa wolandira kalatayo, ndipo amasiya kukhulupirira. Mariama Bâ sanalizembe vutoli. Ramatoulaye akufotokozadi mbiri yonse ya Aissatou kwa Aissatou mwini, koma akuvomereza kuti akudziwa kuti akutosa bala la mnzake, ndipo akuonetsa kuti sangachitire mwina. Ndi namfedwa amene watsekeredwa m'nyumba, akusanthula moyo wake, ndipo sangamvetse chimene iye anasankha popanda kuchiika pambali pa chimene anasankha mnzake. Aliyense amene anakhalapo pa siwa amadziwa kuti anthu olira amabwereza nkhani zomwe onse akuzidziwa, ndipo palibe amene amawaletsa.

Wowerenga ayenera kudziwa kuti ngakhale awiriwa amalemberana, makalata a Aissatou sitiwawerenga. Timangomva kuti afika ndi zina zimene anenamo. Mawu ake enieni timawaona m'kalata ija anasiyira Mawdo, imene Ramatoulaye akuikumbukira. Ena amati ichi n'chofooka cha bukuli, chifukwa sitidziwa ngati Aissatou amasungulumwa kunjako, kapena chimene ufulu wakewo unamudyera. Dandaulo limeneli n'lomveka. Komabe kukhala chete kwakeko kukugwira ntchito yake, pakuti Aissatou amayankha ndi zochita. Ramatoulaye atasiyidwa, ankavutika ndi mabasi odzaza pamodzi ndi ana ake, pamene Binetou ankasinthasintha magalimoto. Anangotchulako za vutoli kwa mnzakeyo, osapempha kanthu. Posakhalitsa anaitanidwa ndi ogulitsa magalimoto kuti akasankhe imene akufuna, Aissatou alipira. Inali Fiat 125. Ramatoulaye anachita mantha ndi chiwongolero, koma anaphunzira mpaka kutenga laisensi. Mwana wa wosula golide uja, amene ankanyozedwa ndi apongozi ake, ndiye anaimiritsa mnzake pamene mwamuna ndi abale anali atamutaya.

Galimoto imeneyi ikuonetsanso mbali imene anthu a kuno akuidziwa bwino kuyambira nthawi ya Wenela ndi maulendo a ku Halale: wopita kunja amaoneka kwa otsala kudzera m'zimene watumiza. Kusiyana kwake n'kwakuti apa wotumizayo ndi mkazi, ndipo wolandirayo si mbale wake wamagazi.

Chinanso chimene kalata imachita, chimene nkhani wamba sichita mophweka, n'chakuti nthawi imayenda wolembayo ali mkati molemba. Ramatoulaye wa kumayambiriro sakudziwa zimene zimuchitikire mawa. Pa mwambo wa tsiku la 40 chimwalirire Modou, Tamsir akulengeza pamaso pa anthu kuti chibindikiro chikatha amulowa chokolo. Mayi amene wakhala chete zaka 30 akuphulika. Akumuuza mlamu wakeyo kuti iye si katundu wopatsirana, namukumbutsa kuti akulephera kale kusamala akazi atatu amene ali nawo. N'zovuta kukayika kuti mphamvu yolankhula chonchi yachokera m'masabata amene wakhala akukhuthulira mnzake za kukhosi papepala.

Kenako kukubwera Daouda Dieng, dokotala komanso phungu wa nyumba ya malamulo, amene anamufunsira ali mtsikana. Ndi munthu wabwino, wachuma, ndipo akumukondabe. Ramatoulaye akumukana kudzera m'kalata yomwe akutumiza ndi Farmata, mnansi wake. Zifukwa zake ndi ziwiri: amamulemekeza koma samukonda, ndiponso Daouda ali ndi mkazi ndi ana, ndipo iye sangachitire mkazi mnzake zomwe zinamuchitikira iye. Chakumapeto, mwana wake wamkazi, amene anamutcha dzina la Aissatou, akupezeka ndi pathupi ali pasukulu. M'malo momuthamangitsa monga Farmata ankayembekezera, mayiyo akumukumbatira mwanayo.

Pa zonsezi Ramatoulaye sakuweruza mnzake chifukwa chochoka, ndipo sakupepesa chifukwa chotsala. Amasilira kulimba mtima kwa Aissatou, koma akunena poyera kuti iye amakhulupirirabe banja ndipo ankamukondadi Modou. Apa m'pamene bukuli likuposa mabuku ambiri a za mitala, amene amafulumira kuuza akazi njira imodzi yokha yolondola. Mtsutsowo akuusenza ndi mabwenzi awiri okondana, choncho palibe mbali imene ikunyozedwa. Bukuli likutha Aissatou atatsala tsiku limodzi kuti afike ku Dakar kudzacheza, Ramatoulaye akudzifunsa ngati mnzakeyo abwere atavala suti yachizungu kapena diresi lalitali. Kukumana kwawoko sitikuona, chifukwa awiriwo akakhala pamodzi kalata ilibenso ntchito.

Mariama Bâ ankalemba zinthu zimene ankazidziwa. Anabadwira ku Dakar mu 1929, analeredwa ndi agogo ake amayi ake atamwalira, ndipo anaphunzira uphunzitsi pa sukulu ya atsikana ya ku Rufisque, kumene anatsiriza mu 1947. Anali mayi wa ana asanu ndi anayi, banja lake linatha, ndipo ankagwira ntchito ndi mabungwe a amayi. Buku lake loyambali linatuluka ali ndi zaka 50. Anamwalira mu Ogasiti 1981 atadwala nthawi yaitali, buku lake lachiwiri, Un chant écarlate, lisanatuluke.