Kontrakiti ya katswiri ikathetsedwa, zinsinsi zimapita kuti?

Mabungwe ambiri m'Malawi muno amadalira akatswiri obwereka, amene timawatchula kuti makonsatanti, pochita kafukufuku kapena kuunika mabuku a ndalama. Anthuwa sali pa ndandanda wa malipiro a pamwezi. Chimene chimawamanga ndi kontrakiti imene anasainira, ndipo mawa akhoza kukagwira ntchito ku bungwe lina lopikisana ndi lanu pofuna thandizo lomwelo. N'chifukwa chake kalata yothetsa ntchito yawo iyenera kutchula chimodzichimodzi zimene abweze ndi zimene asadzaulule. Kungolemba kuti "musunge chinsinsi" n'kutaya nthawi.

Tiyerekeze kuti bungwe latuma katswiri kukacheza ndi anthu amene akumwa mankhwala a ma ARV m'boma lina, koma lipoti likuchedwa mpaka bungwe laganiza zosiyana naye. Kalata yabwino imatchula ndime ya kontrakiti yololeza kuthetsa ntchito, tsiku lomaliza mogwirizana ndi notisi imene anagwirizana, ndi ndalama zimene alipidwe pa gawo limene wamaliza. Kenako imafika pa zimene zili m'manja mwake: mafomu olembedwa mayina, mawu ojambulidwa pa foni, mafayilo a mu laputopu yake, ndi chilolezo cholowera mu KoboToolbox mmene mayankho akusungidwa. Chilolezocho bungwe litseke lokha tsiku lomwelo, ndipo katswiriyo asainire kuti wabweza zonse ndi kufufuta zotsala. Poiwalika kawirikawiri ndi pa achinyamata amene iye anawalemba kuti azikafunsa mafunso kumidzi. Iwowa sanasainirane kanthu ndi bungwe, chonsecho mayina a odwala ali m'mafoni mwawo. Kalata imuuze katswiriyo kuti kutolera zimenezo ndi udindo wake.

Ena amati kalata yotere ndi chipongwe, ngati kuti munthuyo akumuganizira zakuba. Koma chinsinsicho eni ake ndi odwala aja, amene analankhula momasuka atalonjezedwa kuti mayina awo satuluka. Lamulo loteteza uthenga wokhudza anthu la mu 2024, limene MACRA ikuyang'anira, likuika udindo pa bungwe limene linasonkhanitsa uthengawo, ndipo udindowo suchoka chifukwa choti katswiri wapita. Akatswiri nawonso amadandaula kuti amadyera luso lawo, ndiye sangaletsedwe kugwiritsa ntchito zimene aphunzira. Apa akunena zoona, ndipo bungwe loletsa chilichonse limangodzipusitsa. Luso lofunsa mafunso ndi lake, apite nalo. Mayina, malipiro a antchito ndi bajeti ya bungwe azisiye.

Chimene sindigwirizana nacho m'pang'ono pomwe ndi kugwira malipiro a ntchito imene yatha kale pofuna kumuopseza. Munthu wokwiya amene ali ndi mafayilo anu ndiye woopsa kwambiri. Mulipireni zake pa nthawi yake, landirani katundu wanu, ndipo nonse awiri musainire.