Sopo Watsopano ndi Funso la Mayeso

Funso likuti kampani yatulutsa sopo watsopano, ndipo yaganiza zogulitsa kwa ana asukulu zogonera. Kodi pamenepa yagawa msika, yasankha gulu, kapena yadzipezera malo m'maganizo mwa ogula?

Ambiri amathamangira kugawa msika, poona kuti gulu latchulidwa. Apa ndiye pali msampha. Kugawa kunachitika kale, pomwe kampaniyo inkaika ogula m'magulu: amayi apakhomo, ochapa zovala zaganyu, ana asukulu. Nthawi imeneyo inali isanaloze aliyense. Ikangoloza gulu limodzi n'kusiya enawo, yasankha, ndipo yankho ndi limenelo.

Funsolo likadati kampani ikufuna anawo aziti sopoyu sasungunuka msanga ngati ena, likadakhala lachitatu lija, chifukwa tsopano akumuyerekeza ndi anzake pashelefu.