Kunsi kwa mchombo, pamene khoma la mimba limasinthira

Mayi akabereka kudzera pa opaleshoni, kawirikawiri amatsala ndi chipsera chopingasa m'munsi mwa mimba, pamwamba pang'ono pa chinena. Anthu ambiri amaganiza kuti mpeni unadula minofu yonse molunjika mpaka kufika pa chiberekero. Sizikhala choncho. Khoma la kutsogolo kwa mimba ndi losanjikizana magawo angapo, ndipo wochita opaleshoni amatsegula gawo lililonse m'njira yakeyake. Komanso khomali silofanana paliponse. Pafupifupi masentimita 5 kunsi kwa mchombo pali malire osaoneka kunja, pomwe kamangidwe kake kamasinthira. Malire amenewa ndi amene amachititsa kuti kamtsempha kamodzi kakang'ambikira kumtunda kabweretse chotupa chochepa, koma kakang'ambikira kunsi kataye magazi mpaka moyo wa munthu kukhala pangozi.

Tiyambire cham'mbali mwa mimba, pomwe magawo onse amapezeka. Kunja kuli khungu. Pansi pake pali mafuta, omwe amachepa kapena kuchuluka malinga ndi thupi la munthu, ndipo madokotala amatchula gawoli ndi dzina la Petrus Camper wa ku Netherlands. Pansi pa mafutawo pali nembanemba yopyapyala koma yolimbirapo, yodziwika ndi dzina la Antonio Scarpa wa ku Italy, yomwe imaoneka bwino kunsi kwa mchombo. Kenako pamabwera minofu itatu yaphanthiphanthi yosanjikizana. Ulusi wa mnofu wakunja umatsika mopendekera kuchoka kunthiti kulowera kuchinena. Ulusi wambiri wa mnofu wapakati umakwera mopendekera n'kudutsana ndi wakunjawo, pomwe wa mnofu wamkati umangopingasa. Kupingasana kwa ulusiku ndi komwe kumalimbitsa khoma lopanda fupali, kuti lipirire munthu akamatsokomola, akamanyamula katundu kapena mayi akamakankha mwana. Kuseri kwa minofuyo kuli nembanemba ina yopyapyala yotchedwa tiransivesalisi, kenako timafuta pang'ono, ndipo pomaliza pali peritoniyamu, nembanemba yoterera yomwe imayala mkati monse mwa mimba momwe muli matumbo. Magawo onse pamodzi ndi 9.

Kutsogolo kwenikweni zinthu n'zosiyana. Kuno kuli minofu iwiri yoongoka yotchedwa rekitasi, wina kumanja wina kumanzere, yochokera pa fupa la chinena n'kukathera pa chichereŵechereŵe cha nthiti yachisanu, yachisanu ndi chimodzi ndi yachisanu ndi chiwiri. Imeneyi ndi imene imaoneka yodukizadukiza pamimba pa anyamata onyamula zitsulo. Minofu itatu ya m'mbali ija siifika kutsogolo kuno ngati nyama yofiira. Ikamayandikira rekitasi, uliwonse umasanduka nembanemba yoyera, yopyapyala koma yolimba kwambiri. Nembanemba zitatuzi zimakuta rekitasi, kenako zimakakumana ndi zinzake za mbali inayo pakatikati pa mimba, n'kulukana kukhala mzere woyera wochokera kunsi kwa fupa la pachifuwa mpaka pachinena. Motero rekitasi aliyense amakhala mkati mwake monga mpeni ukhalira m'chimake, ndipo m'chimakemo mumadutsanso mitsempha yomwe imamubweretsera magazi.

Kumtunda kwa malire aja, chimake n'chathunthu, chili ndi khoma kutsogolo ndi kumbuyo. Nembanemba ya mnofu wakunja imadutsa kutsogolo kwa rekitasi. Ya mnofu wapakati ikafika m'mphepete mwa rekitasi imagawika pawiri, tsamba limodzi kudutsa kutsogolo, linalo kumbuyo. Ya mnofu wamkati imadutsa yonse kumbuyo. Choncho kutsogolo kuli nembanemba imodzi ndi theka, kumbuyonso imodzi ndi theka, ndipo mnofuwo watsekeredwa mbali zonse.

Kunsi kwa malirewo, nembanemba zonse zitatu zimadutsa kutsogolo. Kumbuyo sikutsala khoma lolimba lililonse, ndipo rekitasi amangotsamira pa tiransivesalisi yopyapyala ija, kuseri kwake timafuta ndi peritoniyamu. Pamene khoma lakumbuyo limathera pamaoneka ngati mzere wokhota ukamayang'ana kuchokera mkati, ndipo umadziwika kuti mzere wa Douglas, dzina la James Douglas, dokotala wa ku Scotland amene anamwalira mu 1742. Mwa anthu ambiri umapezeka pa gawo limodzi mwa magawo atatu a mtunda wochokera pamchombo kupita pafupa la chinena. Mwa ena umatsikirapo kufika chapakati, ndipo mwa enanso khomalo silidukira pamodzi koma limangopyapyala pang'onopang'ono.

Pamzere womwewo pamalowera mtsempha wofunika. Umachokera ku mtsempha waukulu wopita kumwendo, pafupi ndi mphechepeche, n'kukwera mopendekera kuseri kwa rekitasi. Ukadutsa mzere wa Douglas umalowa m'chimake chathunthu, ndipo chakumtunda kwa mchombo umakalumikizana ndi mnzake wotsika kuchokera m'chifuwa. Ulendo wake wonse wa kunsi kwa mzerewo umauyenda wopanda khoma lolimba kumbuyo kwake.

Opaleshoni ya amayi oyembekezera, yomwe m'zipatala zambiri za m'maboma ku Malawi imachitidwa ndi makilinikala ofesala, imadutsa m'chigawo chakunsichi. Kadulidwe kopingasa kofala kanafotokozedwa mu 1900 ndi dokotala wa ku Germany, Hermann Johannes Pfannenstiel. Wochita opaleshoni amacheka khungu masentimita awiri kapena atatu pamwamba pa fupa la chinena, n'kudutsa mafuta ndi nembanemba ya Scarpa. Akatero amaona khoma loyera, lonyezimira, lomwe ndi nembanemba zitatu zija zitakhala pamodzi. Amalidula mopingasa, n'kulikanganula pa minofu yofiira ili pansi pake, kumtunda ndi kunsi. Minofu ya rekitasi saidula. Amailekanitsa pakati ndi zala, wina kukokera kumanja wina kumanzere, ndipo popeza kumbuyo kulibe khoma lina lolimba, nthawi yomweyo amakhala atafika pa nembanemba zopyapyala. Amatsegula peritoniyamu chakumtundako pofuna kupewa chikhodzodzo, ndipo chiberekero chimaonekera. Potseka, msoko umene umagwira mphamvu ndi wa khoma loyera lija. Khungu likhoza kupola bwinobwino, koma ngati khoma loyeralo silinagwirane, patapita miyezi matumbo amatha kutukumula pansi pa chipsera.

Kusowa kwa khoma lakumbuyo kumene kumafewetsa njira ya opaleshoni kumakhalanso gwero la ngozi mtsempha uja ukang'ambika. Tiyerekeze mayi wa zaka 65 amene amamwa wafarini, mankhwala oletsa magazi kuundana, chifukwa cha vuto la mtima. Wakhala akutsokomola kwambiri kwa masabata awiri. Usiku wina, ali mkati motsokomola, akumva kubaya kunsi kwa mchombo chakumanja. Pokutsokomola rekitasi amakungika mwadzidzidzi, ndipo kukokako kwadula kanthambi ka mtsempha kolowa mu mnofu. Pofika m'mawa pamalopo patupa, pauma, ndipo pakupweteka akangotembenuka. Achibale akuganiza za apendikisi, poti ululu uli mbali yake yomweyo.

Dokotala ali ndi njira yosavuta yosiyanitsira. Amamugoneka chagada, n'kusindikiza ndi chala pamene pakupweteka kwambiri, kenako amamuuza kuti adzutse mutu ndi mapewa osagwiritsa ntchito manja. Minofu ya pamimba imakungika. Vuto likakhala mkati, monga apendikisi, mnofu wokungikawo umatchinga chala ndipo ululu umachepa. Likakhala m'khoma lenilenilo, ululu umakhala chimodzimodzi kapena kuwonjezeka, ndipo chotupacho chimapitiriza kumveka pansi pa chala m'malo mobisika. Kuyeza kumeneku kumadziwika ndi dzina la dokotala wa ku America, John Carnett. Sikani ya pamimba imatsimikizira kuti pali magazi ounjikana, ndipo imaonetsa ngati ali kumtunda kapena kunsi kwa mzere wa Douglas.

Funso la kumtunda kapena kunsi ndi lalikulu. Magazi akatayikira kumtunda, amakhala m'chipinda chotsekeka mbali zonse. Akamachuluka amadzipanikiza okha mpaka kufinya kamtsempha kong'ambikako, ndipo kawirikawiri kutaya kumaleka. Chotupa chimakhala mbali imodzi, chosadumpha mzere woyera wapakati. Akatayikira kunsi, monga mwa mayi wathuyu, palibe chowaletsa kumbuyo. Amakankha nembanemba yopyapyala ija, amatha kudutsa kupita mbali inayo, n'kutsikira m'mpata umene uli pakati pa fupa la chinena ndi chikhodzodzo, momwe mungalowe magazi ochuluka zedi. Wodwala amamva mkodzo pafupipafupi chifukwa chikhodzodzo chapanikizika, ndipo popeza magazi agunda peritoniyamu, mimba imauma ngati kuti vuto lili m'matumbo. Kukula kwa chotupa chimene dzanja likumva kunja sikungauze munthu kuchuluka kwa magazi amene atayika.

N'chifukwa chake dokotala amayang'ana thupi lonse. Mtima ukamathamanga, kuthamanga kwa magazi kukatsika, zikhatho ndi mkati mwa zikope zikayera, munthu akamachita chizungulire ndi thukuta lozizira, ndiye kuti kutaya kukupitirira. Amayeza kuchuluka kwa magazi mobwerezabwereza, chifukwa m'maola oyamba zotsatira zikhoza kuoneka bwino pamene munthu wataya kale ambiri. Odwala ochuluka amachira osachitidwa opaleshoni: amawagoneka, amawapatsa mankhwala ochepetsa ululu ndi a chifuwa, amaimitsa wafarini, nthawi zina n'kupereka vitamini K wobwezeretsa kuundana kwa magazi, ndipo amene wataya ambiri amamuwonjezera. Kutaya kukakanika kuleka, mtsemphawo umamangidwa pa opaleshoni, kapena kutsekedwa kudzera mkati mwake m'zipatala zomwe zili ndi zipangizo zake. Mikwingwirima yakuda pakhungu imatha kutulukira patapita masiku angapo, ndipo chotupa chachikulu chimatenga masabata kapena miyezi kuti chisungunuke.

Vuto lomweli limatha kugwira mayi woyembekezera, munthu amene wamenyedwa pamimba, komanso mayi amene wangochitidwa opaleshoni, ngati kanthambi ka mtsempha kanang'ambika pokoka minofu. Amene amamwa mankhwala oletsa magazi kuundana ndipo wamva kubaya kwadzidzidzi ndi kutupa kunsi kwa mchombo atatsokomola kapena kunyamula cholemera, asathowe kapena kusisita pamalopo, asamwenso asipirini kapena bulufeni, chifukwa mankhwala amenewa amawonjezera kutaya magazi. Apite kuchipatala tsiku lomwelo atatenga mankhwala ake onse, ndipo auze dokotala zinthu zitatu: mankhwala amene akumwa, chimene ankachita ululu utayamba, ndi pamene pakupweteka poyerekeza ndi mchombo.